Mawu a vidiyo ya Thanzi: polankhula ndi pokhala chete

Achemwali, mwaswera bwanji? Ndawerenga pepala la mawu a vidiyo yathu ija ya mwana wotsekula m'mimba. Uthenga wake ndi woona ndipo Chichewa chake n'chomveka. Koma musapite nalo kojambula mawu panopa. Mvetserani kaye uthengawu muli ndi cholembera m'manja, chifukwa pali zoti tisinthe pa kaikidwe ka mawuwo.

Vuto lalikulu n'lakuti mwalemba ngati pulogalamu ya pawailesi, mawu okhaokha kuyambira poyamba mpaka pothera. Taganizirani malo amene vidiyoyi ikaonetsedwe. Ndi pakhonde la chipatala chaching'ono, tsiku la sikelo. Amayi adzaza mabenchi, ena akhala pansi, ana akulira, mlangizi wa zaumoyo akuitana mayina, ndipo kanemayo wapachikidwa m'mwamba pakona, kasipika kake n'kakang'ono. Mayi amene ali kumbuyo akumva mawu amodzi, ena akum'dutsa. Akaweramira mwana kuti am'patse bere, podzutsa mutu chithunzi chasintha kale. Ndiye nthawi yokhala chete tiyenera kuilemba papepala monga momwe timalembera mawu, ndi masekondi ake omwe. Zili ngati kudyetsa mwana phala: supuni yachiwiri imadikira kuti ameze yoyamba.

Tiyambe ndi masamu. Vidiyoyi ndi ya mphindi 3, kutanthauza masekondi 180. Pa amenewo chotsanipo masekondi 60 okhala chete, atsale 120 olankhula. Mawu athu a Chichewa ndi ataliatali, ndipo munthu akamawerenga modekha mmene timafunira ku sikelo amatha mawu pafupifupi 90 pa mphindi. Ndiye kuti pepala lonse lisapitirire mawu 180. Lanu lija lapyola pamenepo ndithu. Musayese kuwapanikiza powerenga mothamanga, chotsani ena. Ndime yonse yofotokoza za tizilombo toyambitsa matenda ichoke. Ndime ya mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu 2022 ichokenso. Amayiwo akuukumbukira bwino kuposa ife, ndipo chimene akufuna kwa ife ndi chochita usiku mwana akayamba kutsekula. Mutsale ndi zinthu zinayi basi: kusungunula Thanzi, kum'mwetsa mwana kwinaku akuyamwabe, zinki, ndi zizindikiro zoti athamangire kuchipatala.

Tsopano tengani pepala latsopano, mulijambule mizere kuti likhale ndi zigawo zitatu kuchokera kumanzere kupita kumanja. Chigawo choyamba ndi cha nthawi, chachiwiri ndi cha chimene maso akuona, chachitatu ndi cha chimene makutu akumva. Muyambe kudzaza chapakaticho, cha maso, mawu abwere pambuyo. Ndipo polemba chithunzi musamangoti "mayi akukonza Thanzi". Wojambula akaona zimenezo adzaima patali n'kutenga mayi, nyumba ndi nkhuku zonse. Lembani kuti "pafupi: manja awiri, jagi yoonekera mkati, madzi akukwera". Mukanena kuti pafupi kapena patali, ndiponso chimene chili m'manja mwa munthuyo, ndiye kuti mwam'thandiza wojambula.

Ndikuyendetseni m'chigawo cha kusungunula, chifukwa ndi pamene pagona vidiyo yonse. Tachipatsa masekondi 40.

Chithunzi choyamba, manja ali pampopi wa ndowa, thovu la sopo likuoneka. Mawu: "Sambani m'manja ndi sopo." Pansi pake mulembe ndi zilembo zazikulu kuti PUMA 4. Masekondi anayi amenewo wowerenga ali chete, chikumveka ndi madzi okha.

Chithunzi chachiwiri, mabotolo awiri a madzi a 500 ml aimikidwa pambali pa jagi. Mawu: "Thirani madzi otetezedwa lita imodzi m'jagi yoyera. Lita imodzi ndi mabotolo awiri ngati awa." Kenako PUMA 6. Apa mvetsetsani bwino: mawu oti "ngati awa" ayenera kugwera pomwe mabotolo onse awiri akuoneka ali odzaza, dzanja lisanatenge loyamba. Mulembe zimenezo m'chigawo cha maso, kuti wolumikiza zithunzi asaphonye. Ndiye m'masekondi asanu ndi limodzi aja anthu aone botolo loyamba likutha, lachiwiri likutha. Wolumikiza asadule kuti pangooneka botolo limodzi, chifukwa mayi amene sanamve mawu adzawerenga mabotolo ndi maso, ndipo akakafika kunyumba adzathira chimene anaona. Madzi akachepa, mchere umachuluka m'chakumwacho ndipo ungam'pweteke mwana. Madzi akachulukitsa, mphamvu yake imachepa.

Chithunzi chachitatu, paketi ikung'ambidwa. Mawu: "Thirani paketi yonse ya Thanzi. Yonse, osasiyako." PUMA 4, ndipo m'nthawi imeneyo dzanja ligwedeze paketiyo mozondotsa, anthu aone kuti mulibe kanthu. Kubwereza koti "yonse" n'kwadala. Pakhomo pamene zinthu n'zosowa munthu amafuna kusungako theka la mawa, ndipo sitingamunene, koma tiyenera kumuonetsa kuti apa sipoyenera kusunga.

Chachinayi, supuni ikutakasa. Mawu: "Takasani mpaka ufa wonse usungunuke." PUMA 5, kamera ili pansi pa jagi mpaka timibulu titatha.

Mukawerenga mupeza mawu 30 okha m'chigawo chonsechi, ndi masekondi 19 opuma. Pafupifupi theka la nthawi palibe akulankhula. Papepala zioneka ngati zaperewera, koma musaonjezerepo kanthu.

Kupuma kumeneku kuli mitundu itatu, ndipo uliwonse muupatse chizindikiro chake. Pali kupuma kokoka mpweya, kwa sekondi imodzi, pakati pa ziganizo. Kumeneko ingoikani kamzere kopendekera. Pali kupuma koonera, kumene ndakuonetsani kuja, kwa masekondi atatu mpaka asanu ndi limodzi. Kutalika kwake kumachokera pa ntchito imene manja akugwira, ndiye mutenge jagi ndi mabotolo kukhitchini, muthire nokha wotchi ili pambali. Ndiye pali kupuma kwa funso. Kusungunula kukatha, mawu afunse kuti, "Tathira mabotolo angati?" Chithunzi chiime pa mabotolo awiri opanda kanthu, PUMA 5, kenako mawu ayankhe kuti, "Awiri." Amayi a ku sikelo anazolowera kuyankhira limodzi pa maphunziro a m'mawa, ndiye ayankha mokweza. Pamenepo mulembenso kuti mlangizi angathe kuimitsa vidiyo ngati akufuna kufunsa zambiri. Koma yankho likhalemo ndithu m'vidiyomo, chifukwa masiku ambiri kanemayo amangodziyendera yekha, mlangizi ali kalikiliki ndi sikelo.

Pali chiganizo china chimene chandiopsa. Mwalemba kuti "musasiye kuyamwitsa". Mwana wina akangolira pa "sa" pamenepo, mayi wa kumbuyo amva "musiye kuyamwitsa", ndipo tam'phunzitsa chinthu chimene chingaphe mwana wake. Lembani kuti "Pitirizani kuyamwitsa mwana pafupipafupi", chithunzi chili pa mwana akuyamwa. Fufuzani pepala lonse, paliponse pamene pali "musa" mutembenuze kuti chiganizocho chinene chochita. Zithunzinso chimodzimodzi. Lija lingaliro loonetsa mayi akutunga madzi a pachithaphwi, mawu n'kumati izi n'zolakwika, tilisiye. Wosamva mawuwo angoona mayi mnzake akutunga madzi.

Pa manambala, chiganizo chimodzi chinyamule nambala imodzi. Za zinki mwaunjika miyezi, theka la piritsi ndi masiku m'mpweya umodzi. Kusiyana kwa mlingo wa mwana wosakwana miyezi 6 ndi wamkulupo, musiyire namwino amene akupereka mankhwalawo. Vidiyo inene chimodzi chimene anthu amalakwitsa, chomwe ndi kusiya zinki mwana akangopeza bwino: "M'patseni zinki tsiku lililonse mpaka masiku amene a chipatala anena akwane, ngakhale kutsekula kutasiya." Malangizo amati masiku 10 mpaka 14, ndiye mukafunse a namwino a kumeneko nambala imene iwo amauza amayi, kuti kanema ndi pakamwa pawo zinene chimodzi. Za Thanzi wotsala, nenani kuti akafika nthawi ngati yomweyo mawa lake atayidwe, asungunule wina. Zimenezo zimamveka msanga kusiyana ndi kunena kuti maola 24.

Chigawo cha zizindikiro zoopsa chikhale chodekha kuposa zonse. Nyimbo ya pansi ija izimiretu. Chizindikiro chimodzi, chithunzi chimodzi, PUMA 3: mwana akukanika kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, walefuka, sakudzuka bwino, m'chimbudzi muli magazi, maso alowa. Mukafika pa liwombo, mupume nthawi yotalikirapo. Ambiri liwombo likalowa amayamba kaye kufuna mankhwala opaka pamutu, ndiye mawu anene poyera kuti, "Liwombo likalowa, madzi atha m'thupi mwa mwana. Pitani naye kuchipatala lero lomwe, mukum'mwetsa Thanzi m'njira." Apa chithunzi chojambula pamanja ndi chabwino, kusiyana n'kukasaka mwana wodwaladi kuti tim'jambule. Nambala ya Chipatala Cha Pa Foni ibwere komalizira, ikhale pakanema masekondi osachepera 8, ndipo wowerenga aitchule kawiri, nambala imodziimodzi, kuti wofuna kuisunga m'foni apeze mpata.

Pojambula mawu, wowerengayo azikhaladi chete pa PUMA paliponse, akuwerenga masekondi mumtima, osati kungodumpha n'kumati tidzaikamo pambuyo. Liwu la munthu amene wapumadi limayambanso mofatsa, ndipo zimamveka. Wolumikiza zithunzi mum'patse pepala lomwelo, mumuuze kuti malo opanda mawuwo ndi adala. Akapanda kuuzidwa adzawaona ngati mipata yoiwalika n'kuidula yonse.

Musanaitane wojambula, yesani pepalalo. Jambulani mawu anu pafoni, ndi kupuma kwake konse. Pezani mayi wa pafupi amene sanaonepo pepalali, mum'patse jagi, mabotolo, supuni ndi paketi, muike foniyo patali pang'ono, wailesi ikulira pambali kuti pakhale phokoso. Inu musanene kanthu, muzingoyang'ana manja ake. Mawu akafika pa paketi iye akadali pa botolo loyamba, PUMA 6 uja wachepa, muonjezere. Akaima n'kumakuyang'anani kudikira chotsatira, watalika. Akamaliza mum'funse kuti akafotokozere mnzake zimene wamva. Chimene wachisiya pofotokozapo ndiye chimene sichinamveke, ndipo chiganizo chimenecho muchilembenso. Mukatero munditumizire pepalalo pamodzi ndi mawu a pafoniwo Lachinayi lisanafike, kuti Lachisanu tikawaonetse a namwino ndi a ku ofesi ya zaumoyo ya boma aone ngati mankhwala tawanena molondola.