Maso a khanda: musadikire kuti atuluke m'chikuta

Amayi, mwadzuka bwanji? Chithunzi chija atumiza alamu ndachiona nditangoweruka kuno ku Joni, ndiye mumvere limodzi uthengawu, achimwene akhaleponso.

Mwanayo ali ndi masiku 3 okha, zikope zatupa mpaka sakutha kuphenya, mafinya akuti mukapukuta akubweranso nthawi yomweyo. Amenewo si manthongo wamba ayi. Kawirikawiri mafinya ochuluka chonchi, oyamba pakati pa tsiku la 2 ndi la 5, amabwera ndi kachilombo ka chinzonono komwe mwana amatenga pobadwa. Kamadya kagalasi ka pamwamba pa diso, ndipo tsiku limodzi kapena awiri kangathe kuboola. Likabooka, diso silibwereranso.

Ndikudziwa, amayi, mukuti mchombo sunagwe, mwana satuluka m'chikuta. Pepani, koma apa ndikukana. Mufunditseni bwino, apite lero lomwe ku chipatala cha pa boma ku Kasungu. Ya transipoti ndatumiza pa foni ya achimwene. Kumeneko akamutsuka maso ndi kumubaya jekeseni, chifukwa mafuta opaka okha, ngati aja amawapaka ana akangobadwa, sangathetse zikafika apa.

Podikira galimoto, wiritsani madzi, azizire. Sambani m'manja ndi sopo, nyowetsani kansalu koyera, mupukute kuchokera cha kumphuno kupita kunja, diso lililonse kansalu kakekake. Musafinye chikope. M'masomo musathiremo izi: mkaka wa m'mawere ayi, madzi a masamba ayi, mkodzo ayi, mankhwala otsala a munthu wina ayinso. Alamu, inu muzingoyamwitsa.

Achimwene, mupite nawo, chifukwa adokotala akatsimikiza, mankhwala mulandira nonse awiri, inu ndi alamu. Matendawa amatha kukhala m'thupi mwa mayi osaonetsa chizindikiro chilichonse, ndiye pasapezeke woloza chala alamu. Akachira mmodzi yekha, mupatsirananso, ndipo mwana wotsatira adzakumana nazo zomwezi.

Mwafunsanso ngati ndi tirakoma ija ankatigawira mankhwala m'midzi. Ayi. Tirakoma imafala ndi ntchentche, zala ndi zitenje zopukutirana, ndipo imawononga pang'onopang'ono: munthu amadwala mobwerezabwereza ali mwana, mkati mwa chikope nkuchita zipsera, atakula nsidze nkupindikira mkati kumakanda diso. Mu 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse linavomereza kuti Malawi yaigonjetsa, ngakhale kusukusula ana kumaso tisasiye. Ya khandayi ndi ya maola, osati zaka.

Mkulu wake wa khandayu, uja maso akungofiira ndi kuyabwa, akusewera bwinobwino, sindikuda naye nkhawa kwambiri, koma mutengeni akamuone pomwepo, ndipo asagwire nkhope ya khanda. Mukadzaona akuthawa kuwala, akulira ndi ululu, pakuda pa diso pachita kadontho koyera, kapena wabayidwa ndi kamtengo, pameneponso musagone naye kunyumba.

Mukafika mundiflashe, ndiyimba ndine, ndimve zomwe anena adokotala.