Ndani akadali ndi chilolezo cholowa mu kompyuta ya bungwe lathu?

Zikomo a Tcheya, a komiti, makalaliki, amayi ndi abambo nonse, kaya mwachokera ku Limbuli, ku Chisitu kapena konkuno ku Mulanje boma. Chimene andipempha kuti ndikambe ndi kalembera wa zilolezo, ntchito imene bungwe lililonse losunga mayina a alimi ndi ndalama zawo mu kompyuta liyenera kumachita miyezi itatu iliyonse, kumapeto kwa Malichi, Juni, Sepitembala ndi Disembala. Chilolezo chimene ndikunena ndi zimene munthu angathe kuchita akalowa mu pulogalamu ndi dzina lake ndi pasiwedi yake. Wina amangoona, wina amalemba ndi kusintha, wina amavomereza malipiro, ndiye pali adimini amene amatha zonse, kuphatikizapo kupatsa ena zilolezo.

Ntchitoyi imayamba ndi mapepala awiri. Loyamba ndi mndandanda wa anthu amene akugwira ntchito m'bungwe lero lino, aliyense ndi udindo wake, ndipo muutenge kwa amene amakonza malipiro a mwezi, chifukwa munthu wochoka amayamba kufufutidwa kumeneko. Lachiwiri ndi mndandanda wa maakaunti, ndipo limeneli lichokere mu pulogalamu mwenimwenimo tsiku lomwelo. Musalembe za pamtima, musatengenso pepala la miyezi itatu yapitayo n'kungosintha deti. Anthu amene timawakumbukira si amene amavuta. Ovuta ndi amene tinawaiwala, ndipo amene sanawaiwale ndi kompyuta yokha.

Tiyerekeze bungwe la alimi a tiyi ang'onoang'ono, ndipo tili kumapeto kwa Juni. Pa pepala la malipiro pali anthu 12, koma pulogalamu yolembera makilo a masamba yatulutsa maakaunti 17. Ndiye kuti pali maakaunti 5 oti tiwafufuze eni ake. Atatu ndi a makalaliki a sikelo amene tinawalemba aganyu m'nyengo ya mvula, masamba atachuluka. Nyengo itatha anatsanzika, tinawalipira, koma palibe anauza wa makompyuta. N'chifukwa chake kuno kwathu kalembera wa Juni ndi amene amagwira zambiri. Akaunti yachinayi ndi ya mnyamata amene anabwera kudzatiikira pulogalamu. Anadzipatsa uadimini kuti agwire ntchito yake, zimene zinali zoyenera tsiku limenelo, koma mpaka lero akaunti ija ikadali yotsegula. Yachisanu dzina lake ndi `office`, ndipo pasiwedi yake aliyense mu ofesi amaidziwa, ngakhale makalaliki atatu anachoka aja.

Pa akaunti ngati ya `office` imeneyi mumvetsetse. Ngakhale mutatseka maakaunti a anthu ochoka, simunawatsekere kunja ngati akudziwabe pasiwedi ya akaunti yogawana. Tsiku la kalembera pasiwediyo isinthidwe, ndipo ngati n'kotheka akauntiyo ithetsedwe, aliyense azilowa ndi dzina lake. Makilo akasinthidwa ndi `office`, simungadziwe kuti anasintha ndani.

Koma nkhani imene ndikufuna tikhalitsepo ili mwa anthu 12 aja, amene mayina awo akupezeka pa mapepala onse awiri. Ambiri akaona kuti dzina lafanana amangochonga n'kupitirira. Musatero. Yang'anani udindo wa munthuyo lero, kenako yang'anani zilolezo zake chimodzichimodzi.

Mwa 12 aja muli mayi wina amene anali kalaliki wolowetsa makilo mu kompyuta. Mu Febuluwale anakwezedwa kukhala wothandizira akauntanti, ndipo anamuwonjezera chilolezo chovomereza malipiro. Chilolezo chakale cholowetsa makilo sanamuchotsere, mwina poganiza kuti azithandizako kalaliki watsopano mpaka azolowere. Tsopano taonani chimene chachitika. Bungwe linagawa ntchito ziwirizi dala, kuti wolemba makilo akhale wina, wovomereza ndalama akhale wina, mmodzi aziona ntchito ya mnzake. Lero akaunti imodzi ingathe kuwonjezera makilo 200 pa dzina la mlimi n'kuvomereza yokha malipiro ake, popanda diso lachiwiri. Sindikunena kuti mayiyo ndi wakuba, ayi. Mwina sakudziwa n'komwe kuti chilolezo chakalecho chikadalipo. Koma wina akamubera pasiwedi, wakubayo wapeza zilolezo zonse ziwiri. Ndipo makilo akadzasokonekera, woyamba kumuloza chala adzakhala mayi yemweyo, chifukwa ndi yekhayo anali ndi njira yochitira zonse ziwiri. Kumuchotsera chilolezo chakale ndi kumuteteza iyeyo. Zili ngati makiyi: munthu akasamutsidwa ku sitolo kupita ku ofesi ya ndalama, timamupatsa makiyi atsopano, koma a sitolo aja ayenera kubweza.

Ndaona dzanja kumbuyoko. Bambo akufunsa kuti, kodi amene amagamula kuti chilolezo chichotsedwe ndi wa makompyuta? Ayi bambo, ndipo mwafunsa bwino. Wa makompyuta ntchito yake ndi kutulutsa mndandanda ndi kuchotsa zimene wauzidwa. Iye sadziwa ngati mayi uja akufunikabe kulowetsa makilo. Wodziwa ndi mkulu wa gawo limene munthuyo akugwiramo ntchito. Choncho pepala likhale ndi dzina la akaunti, mwini wake, udindo wake, zilolezo zake, tsiku limene analowa komaliza, ndi malo oti mkulu wa gawo alembe kuti chikhale, chichepetsedwe kapena chichotsedwe, n'kusaina. Funso loti adzifunse si lakuti munthuyu ndimamukhulupirira kodi. Adzifunse kuti, m'miyezi itatu yapitayi ndi ntchito iti imene inafuna chilolezo chimenechi? Ngati sangatchule ntchitoyo, chichoke. Chikadzafunika, kubwezeretsa n'kwa mphindi zochepa. Munthu asadzisainire yekha. Zilolezo za manijala ndi za wa makompyuta yemwe aziona ndi a komiti yoyang'anira.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kalembera wongosaina. Mudzamuzindikira mosavuta: pepala labwerera mofulumira, mizere yonse yalembedwa kuti chikhale, pomwe m'miyezi imeneyo anthu anachoka ndipo ena anasintha maudindo. Kawirikawiri chimachititsa si ulesi koma kusamva. Mkulu wa gawo wapatsidwa pepala lolembedwa mayina a zilolezo monga mmene pulogalamu imawatchulira, sakuwamva, ndiye akuopa kuchotsa chinthu chimene chingaimitse ntchito. Wa makompyuta alembe pambali pa chilolezo chilichonse m'Chichewa chomveka, monga kuti angathe kusintha nambala ya foni imene mlimi amalandirira ndalama. Mkulu akawerenga zimenezo amaima kaye n'kuganiza.

Pulogalamu ya makilo si khomo lokhalo. Pa kompyuta ya Windows ya mu ofesi, wa makompyuta atsegule `Command Prompt` ngati adimini n'kulemba izi:

```
net user
net localgroup Administrators
net user kalaliki2
```

Mzere woyamba ukusonyezani maakaunti onse a pa kompyutayo. Mukaona `Administrator`, `Guest` ndi `DefaultAccount` musadabwe, amenewo amabwera ndi Windows, mungotsimikiza kuti ndi otseka. Wachiwiri ukusonyezani amene ali ndi uadimini, ndipo mayina akhale ochepa kwambiri. Wachitatu ukupatsani mbiri ya akaunti imodzi, ndipo pamalo pa `kalaliki2` mulembe dzina la akaunti imene mukufuna kuona. Pamenepo onani `Account active` ndi `Last logon`. Kumbukirani kuti deti limeneli likunena za kompyuta imeneyo yokha. Komanso mukaona kuti akaunti ya munthu amene anachoka mu Epulo inalowa sabata yatha, imeneyo si nkhani yongotseka basi. Wina akuigwiritsa ntchito, ndipo muyenera kufufuza kuti ndani ndi zimene anachita.

Ngati mndandanda wa alimi uli pa Google Sheets, dinani `Share`. Pansi pa `People with access` muona aliyense ndi mphamvu yake, `Viewer`, `Commenter` kapena `Editor`. Onaninso `General access`. Pakalembedwa `Anyone with the link`, aliyense amene anatumiziridwapo linki angathe kutsegula ngakhale dzina lake palibe, choncho sinthani pakhale `Restricted`. Ndipo onani amene ali `Owner`. Ngati ndi imelo ya kalaliki mwiniwake, pemphani asamutsire ku akaunti ya bungwe akadali pa ntchito, chifukwa akachoka simungathe kumuchotsa pa fayilo yake. Muli mayina, manambala a foni ndi a ziphaso za alimi mmenemo, ndipo kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu zotere, limene amayang'anira ndi a MACRA. Ku banki nako, pemphani mndandanda wa osainira akaunti ya bungwe, makamaka ngati komiti inasintha pa msonkhano waukulu wa pachaka.

Tikafika pochotsa, tsekani kaye, musafufute. Pa Windows amalemba chonchi:

```
net user kalaliki2 /active:no
```

Akaunti yotseka singalowe, koma dzina lake limatsala, kotero kuti oditala akadzafunsa kuti makilo a mu Janyuwale analowetsa ndani, yankho lilipo. Ndiponso ngati mwalakwitsa, kapena kalaliki uja tamulembanso ganyu mvula ikayamba, kutsegula n'kosavuta. Kufufuta kudzabwere pambuyo, malinga ndi nthawi imene bungwe linagwirizana.

Wa makompyuta akanena kuti ndachotsa, ntchito sinathe. Atulutsenso mndandanda watsopano, ndipo munthu wina, osati iyeyo, aufananize ndi pepala losainidwa lija mzere ndi mzere. M'chitsanzo chathu tiyembekezere maakaunti otsegula 12, akaunti ya mayi uja ilibenso chilolezo cholowetsa makilo. Mapepala atatuwo, mndandanda woyamba wa maakaunti, pepala la zigamulo ndi mndandanda watsopano, alembedwe madeti ndi kusungidwa mu fayilo imodzi.

Kalemberayu ali ndi malire ake. Sabweza zimene munthu anakopera kale mu foni kapena mu fulashi yake. Komanso miyezi itatu ndi yaitali. Kalaliki wochoka pa 5 Epulo akayembekezera kalembera wa Juni, wakhala ndi khomo lotsegula pafupifupi masabata 12. Choncho mukapeza maakaunti a anthu ochoka pa kalembera aliyense, vuto lili pa tsiku lotsanzikana. A komiti, ikani lamulo lakuti malipiro omaliza a munthu wochoka, ngakhalenso kalata yosinthira munthu udindo, zisasainidwe wa makompyuta asanalembepo kuti zilolezo zakale zatsekedwa. Tsopano amene mwabwera ndi malaputopu a mabungwe anu, yatsani, tiyambe ndi `net user`.