Makalata a omvera: FIFO ndi avereji pamene mwezi wayamba ndi katundu wosamalizidwa

"Zikomo aphunzitsi a pa wailesi. Ndikukonzekera mayeso a akaunti. Funso likakhala lopanda katundu wotsala m'njira kumayambiriro kwa mwezi, FIFO ndi avereji zimandipatsa yankho limodzi. Koma katunduyo akangopezeka, mayankho amasiyana ndipo ndimasokonezeka. Kusiyanaku kumachokera pati? Ndine mwana wanu wa ku Chilomoni."

Zikomo mwanangu. FIFO ndi avereji ndi njira ziwiri zowerengera mtengo wa katundu, ndipo FIFO imatanthauza kuti choyamba kulowa ndicho choyamba kutuluka. Tengani cholembera, nanunso omvera, chifukwa tiyenda ndi manambala pang'onopang'ono.

Tinene kuti fakitale ina imapanga sopo wamtanda, ndipo timamuyeza m'makatoni. Mafuta ndi soda zimathiridwa zonse poyamba penipeni. Koma malipiro a antchito, magetsi ndi kukonza makina, zomwe tizitcha ndalama za ntchito, zimalowa pang'onopang'ono mpaka sopo atauma n'kudulidwa. Za kulongedza tizisiye, zili ku dipatimenti ina.

Pa 1 Juni m'fakitalemo munali makatoni 2,000 otsala kuchokera mu Meyi. Zipangizo zinali zitalowa kale zonse, za K1,400,000, koma ntchito inali itafika pa 60 peresenti, ndipo inali itadya K375,000. Mu Juni anayamba makatoni ena 10,000, anamaliza 9,000, ndipo pa 30 Juni panatsala 3,000 amene ntchito yake inali pa theka. Mwezi umenewu zipangizo zinadya K10,000,000, ntchito K3,720,000. Ndalama zonse zofunika kuzigawa ndi K15,495,000. Nambala imeneyi ilembeni pambali, tidzaifuna.

Avereji ili ngati mayi amene wathira ufa wa dzulo ndi wa lero m'dengu limodzi n'kusakaniza. Safunsanso kuti uwu unagayidwa liti. Imangoona zomwe zamalizidwa ndi zomwe zatsala. Pa zipangizo, 9,000 omalizidwa kuphatikiza 3,000 otsala ndi 12,000. Pa ntchito, makatoni 3,000 ofika pa theka ndi ofanana ndi 1,500 athunthu, choncho tili ndi 10,500. Popeza tawerenga ntchito ya Meyi pamodzi ndi ya Juni, ndalamanso tiphatikize za miyezi yonse iwiri. Zipangizo K11,400,000 kugawa ndi 12,000, katoni imodzi ndi K950. Ntchito K4,095,000 kugawa ndi 10,500 ndi K390. Katoni yomalizidwa ikukwana K1,340, ndipo 9,000 aja akukwana K12,060,000. Otsalawo, 3,000 pa K950 ndi 1,500 pa K390, akukwana K3,435,000.

FIFO ndiye imafunsa funso lina: kodi mu Juni mokha tagwira ntchito yochuluka bwanji, ndipo yatidyera zingati? Imati makatoni 2,000 akale aja ndi amene anayamba kutuluka. Ndiye 9,000 omalizidwa tiwang'ambe pawiri: 2,000 akale, ndi 7,000 amene anayambidwa n'kumalizidwa mu Juni momwemo.

Apa ndi pamene ambiri amaterereka, choncho ndichedwapo. Akale aja sanalandire mafuta kapena soda mu Juni, ndiye pa zipangizo tiwalembere ziro. Pa ntchito anali atafika kale pa 60 peresenti. Chomwe Juni anawachitira ndi 40 peresenti yotsalayo, ndipo 40 peresenti ya 2,000 ndi 800, osati 1,200. Zipangizo tsopano ndi ziro, 7,000 ndi 3,000, pamodzi 10,000. Ntchito ndi 800, 7,000 ndi 1,500, pamodzi 9,300. Taonani: avereji inatipatsa 10,500, FIFO yatipatsa 9,300. Kusiyana kwa 1,200 ndi ntchito ija inagwiridwa mu Meyi. Pa zipangizonso kusiyana kwa 2,000 ndi zomwe zinathiridwa mu Meyi.

Pogawa, FIFO imatenga ndalama za Juni zokha. K10,000,000 kugawa ndi 10,000 ndi K1,000. K3,720,000 kugawa ndi 9,300 ndi K400. Katoni ya Juni ikukwana K1,400. Nanga K1,775,000 ya Meyi ija? Sitinaitaye. Imayenda yonse yathunthu ndi makatoni akale, n'kuwonjezerapo 800 pa K400, yomwe ndi K320,000, kukhala K2,095,000. Makatoni 7,000 pa K1,400 ndi K9,800,000. Zomalizidwa zonse ndi K11,895,000. Otsala, 3,000 pa K1,000 ndi 1,500 pa K400, akukwana K3,600,000.

Bwererani ku nambala munalemba pambali ija. Njira zonse ziwiri, zomalizidwa kuphatikiza zotsala zikupereka K15,495,000. Ndalama sizinachuluke kapena kuchepa, K165,000 yangosamuka. Zipangizo za katoni imodzi zinali K700 mu Meyi, mu Juni zafika K1,000. FIFO yatulutsa mtengo wotsika wa Meyi wonse pamodzi ndi sopo womalizidwa, n'kusiya wotsala ali pa mtengo wa Juni. Avereji yamwaza kutsika mtengoko ponseponse, ngakhale pa sopo amene Meyi sanamuone n'komwe. Kukanakhala kuti pa 1 Juni panalibe chotsala, sipakanakhala cha Meyi choti tisakanize kapena kupatula, ndipo n'chifukwa chake mumapeza yankho limodzi.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mayi wina wa ku Mzuzu: "Funso likapanda kunena njira yogwiritsa ntchito, ndidziwa bwanji?"

Mayi, onani zomwe akupatsani zokhudza katundu wa kumayambiriro. Avereji imafuna ndalama zake zitagawidwa, zipangizo pazokha ntchito pazokha, monga K1,400,000 ndi K375,000 zija, koma 60 peresenti ija sinaigwiritse ntchito paliponse. FIFO imafuna 60 peresentiyo, ndipo ndalama zingabwere mulu umodzi, K1,775,000, palibe vuto. Mukapatsidwa mulu umodzi ndi peresenti, ndi FIFO. Mukapatsidwa ndalama zogawidwa popanda peresenti, ndi avereji. Zonse zikakhalapo, werenganinso funso, kawirikawiri njirayo amaitchula penapake.

Ndikuchenjezeninso za kusakaniza njira. Wina amawerenga makatoni mwa FIFO, 9,300, koma n'kugawa ndalama za miyezi iwiri, K4,095,000, n'kupeza pafupifupi K440. Mudzazindikira cholakwikachi pophatikiza kumapeto: yankho lidzapitirira K15,495,000, chifukwa ndalama za Meyi zawerengedwa kawiri. Winanso amaiwala kubwezera K1,775,000 pa zomalizidwa za FIFO, ndipo yankho limaperewera ndi ndalama yomweyo ndendende.

Yomaliza ndi ya bambo amene amasunga mabuku pa kampani ina ku Kanengo: "Pa ntchito yeniyeni, yabwino ndi iti?"

Bambo, malamulo a akaunti a IAS 2 amalola zonse ziwiri, bola musamasinthesinthe pa katundu wamtundu umodzi. Ine ndinganene kuti mitengo ya mafuta ikamakwera mwezi ndi mwezi, tengani FIFO. Bwana amene akuika mtengo wogulitsira ataona K1,340 akunamizidwa pang'ono, chifukwa kupanga katoni ina lero kukumudyera K1,400. FIFO imaonetsanso ngati dipatimenti yawononga ndalama mwezi uno, osabisala kumbuyo kwa mwezi watha. Koma imatsamira kwambiri pa peresenti imene kapitawo wanena. Akangoyerekeza m'maso kuti sopo ali pa 60 pomwe ali pa 40, ntchito yotsala ikhala 800 m'malo mwa 1,200, ndipo mtengo wa ntchito pa katoni usuntha kuchoka pa K384 kufika pa K400 popanda chifukwa. Choncho tsiku lomaliza la mwezi lowani m'fakitale ndi kapitawoyo, muone ndi maso sopo amene ali m'thanki, amene akuuma ndi amene akudikira kudulidwa. Ngati katundu wotsala m'njira amakhala wochepa ndipo mitengo yakhazikika, avereji ikukwanirani, kusiyana kwake kudzakhala kochepa kwambiri.